Thandizeni abale, SPF yapyola malire ndipo mainvoisi akugwera mu sipamu

Membala wobisa dzina

Akuluakulu, ndithandizeni, mutu wandizungulira. Ndimagwira ntchito pa kabungwe kena ku Lilongwe kuno. Ntchito yanga yeniyeni ndi ya maakaunti, koma chichokereni mnyamata wa makompyuta zonse zinagwera ine chifukwa ndinakonzapo pulinta tsiku lina. Malipiro ndi omwe aja. Mnyamatayo anapita osasiya mapasiwedi, foni sayankha, komanso laputopu ya ofesi anabweza yopanda chaja. Tsopano mainvoisi amene timatumiza kwa makasitomala akugwera mu sipamu, ena sakufika n'komwe, ndiye bwana akundiyang'ana ngati ndine ndikudya ndalamazo. Maimelo wamba a ogwira ntchito akuyenda bwinobwino. Ndinaika domeni yathu pa webusaiti ina yoyezera, yalemba mofiira kuti "Too many DNS lookups". Timatumiza maimelo kudzera m'njira zingapo. Kodi SPF, rekodi ija ya mu DNS yotchula maseva ololedwa kutumiza imelo m'dzina la domeni yathu, ndiilembe bwanji kuti njira zonsezo zikwanemo? Chonde osandinyoza, shuga wanga wakwera kale.

Madala a Netiweki

Vuto la maofesi a masiku ano ndi lomweli. Chilichonse mukufuna kubwereka kwa azungu, imelo uku, invoisi uko, kalata ya mwezi kwina. Ife kale timaika seva imodzi pakona, adiresi imodzi, nkhani yatha. Chotsani `include` zonsezo, lembani maadiresi a maseva ndi `ip4` basi. `ip4` sawerengedwa pa malire a SPF a mafunso 10 a ku DNS aja. Ndanena.

Nachisale wa ku Zomba

SPF yake iti? Ine ndimadziwa ya 50 yodzola padzuwa 😂 Pepani ndasochera.

Mai a Tadala

Achimwene, za chaja tamva, koma rekodi yakeyo ili kuti? Simunatiuzenso kuti mainvoisiwo amachokera m'pulogalamu yanji. Matani pano mzere wonse woyamba ndi `v=spf1`, dzina la domeni mukhoza kubisa. Si chinsinsi, aliyense amatha kuuwerenga pa DNS.

Kadzidzi265

Ine zinandichitikirapo. Titalembetsa pulogalamu ya kalata za mwezi, anatiuza kuti tiwonjezere rekodi ya SPF, ineyo n'kupanga TXT yachiwiri pambali pa yakale. Maimelo onse anayamba kukanidwa, ngakhale a bwana wamkulu. Domeni imafuna rekodi imodzi yokha yoyamba ndi `v=spf1`, zikakhala ziwiri zonse zimafa. Yang'anani, ndikukhulupirira ndi zomwezo.

Madala a Netiweki

Si zomwezo aise. Uthenga wawo ukunena za kuchuluka kwa mafunso a ku DNS, osati marekodi awiri. Muziwerenga musanayankhe.

Kadzidzi265

Madala, ndangoti ayang'ane. Kuyang'ana n'kwaulere.

Membala wobisa dzina

Rekodi ndi imodzi, ndaona. Nayi. Mayina awiri omalizawo ndasintha, woyamba ndi wa kampani yosunga webusaiti yathu, wachiwiri ndi wa pulogalamu ya mainvoisi.

```
v=spf1 a mx ptr include:_spf.google.com include:spf.protection.outlook.com include:servers.mcsv.net include:sendgrid.net include:spf.example.net include:mail.example.com ~all
```

Madala a Netiweki

Ndawerenga. `a`, `mx`, `ptr`, atatu. Ma `include` ndi 6. Zonse pamodzi 9, simunafike pa 10. Webusaiti yoyezerayo ikukunamizani kuti mugule zinthu zawo. Vuto lanu ndi `~all` yo. Munthu wodziwa ntchito amalemba `-all`. Kachizindikiro kopindika ako ndi ka anthu amantha.

Mai a Tadala

Madala, mwawerenga zapamwamba zokha. Malire a 10 amawerenganso zimene zili m'kati mwa `include` iliyonse. Seva yolandira imelo ikatsegula `include` n'kupezamo ma `include` ena atatu, onsewo amalowa m'chiwerengero chomwecho, sichiyambiranso pa ziro. Zili mu RFC 7208 ya 2014: zowerengedwa ndi `include`, `a`, `mx`, `ptr`, `exists` ndi `redirect`. Ikapyola 10, seva imasiya n'kunena kuti `permerror`.

Achimwene, lembani izi mu teminolo, kapena mu Command Prompt ngati muli pa Windows, dzinalo muike lenileni la kampani yosunga webusaiti ija, mutiuze zimene zatuluka:

```
nslookup -type=txt spf.example.net
```

Kenako tsegulani invoisi imodzi imene inafika mu Gmail, dinani timadontho titatu, musankhe Show original. Tiuzeni mawu amene ali pa mzere wa `Authentication-Results`.

Bambo Phiri wa ku Joni

Inu a maakaunti mukugwiriranji ntchito ya eni? Uzani bwana alembe munthu. Mawa zikadzawonongeka adzaloza inu, ndipo sadzakumbukira kuti munkangothandiza. Ine ndinasiya ntchito kumudzi chifukwa cha khalidwe lomweli la mabwana.

Membala wobisa dzina

Bambo Phiri, zimenezo ndi zoona koma ana akufuna fizi. Mai a Tadala, ya kampani yosunga webusaiti yatuluka ndi ma `include` atatu m'kati. Ndipo pa invoisi palembedwa chonchi:

```
spf=permerror smtp.mailfrom=example.org
```

Koma imelo imene ndatumiza ine kuchoka mu Gmail ya ofesi yalemba `spf=pass`. Ndiye rekodi yomweyo ikhala bwanji yabwino kwa ine, yoipa kwa invoisi?

Mai a Tadala

Eya, apo ndiye pagona nkhani. Seva yolandira imawerenga rekodi kuchokera kumanzere kupita kumanja, ndipo ikangopeza adiresi ya amene watumiza imasiyira pomwepo. Imelo yanu ya Gmail imapezeka msanga: `a` ndi funso loyamba, `mx` lachiwiri, `ptr` lachitatu, la Google lachinayi, yapeza, yadutsa. Invoisi ili kumchira. Kuti seva ifike kumeneko iyenera kudutsa ya Microsoft, funso lachisanu, ya Mailchimp la 6, ya SendGrid la 7, ya kampani ya webusaiti la 8, ndiye atatu a m'kati aja akufikitsa pa 11. Yagwa isanaone n'komwe dzina la pulogalamu ya mainvoisi. Ndipo apa sindinawerenge zimene zingakhale m'kati mwa enawo. Ya Google kwa zaka zambiri inkakhala ndi ma `_netblocks` atatu m'kati mwake, ndiye yokha inkadya mafunso anayi. Makampani amasintha zimenezi mwakachetechete, choncho iliyonse muitsegule nokha ndi lamulo lomwe lija, muwerenge za lero.

Musangosuntha invoisi kuibweretsa kutsogolo ayi, mungosamutsira vuto kwa wina. Funso ndi lakuti mwa onsewa ndani akutumizadi imelo m'dzina la domeni yanu. Maimelo a ogwira ntchito ali ku Google kapena ku Microsoft?

Madala a Netiweki

N'chifukwa chake ndinanena poyamba paja kuti chotsani ma `include` onse. Tsegulani iliyonse, koperani maadiresi, matani ngati `ip4` ndi `ip6`. Mafunso ziro. Anthu mukuzungulira pomwe yankho ndinapereka kalekale.

Chimwemwe wa Maseva

Madala, paja munati ndi 9 ndipo palibe vuto 😂 Koma zokopera maadiresizo ine ndinazionapo kwa kasitomala wina. Zinayenda bwino miyezi ingapo, kenako kampani yotumiza maimelo inawonjezera maseva atsopano, rekodi yathu inali ndi akale okhaokha. Imelo ina imadutsa, ina ayi, malinga ndi seva imene yatulukira. Kupeza vuto lotero n'kowawa chifukwa ukayesa wekha imatha kudutsa. Komanso rekodi imatalika, chidutswa chimodzi cha TXT sichipyola zilembo 255, umayenera kuidula m'zidutswa. Ngati mulibe pulogalamu yoti izikonzanso maadiresiwo yokha, musakopere a Google kapena a Microsoft. `ip4` ndi yabwino pa seva yanuyanu, imene adiresi yake mukuidziwa kuti sisintha.

Madala a Netiweki

Ndiye muziyang'ana sabata iliyonse. Ulesi basi.

Chimwemwe wa Maseva

Munthuyu ndi wa maakaunti, madala.

Membala wobisa dzina

Tinasamukira ku Google chaka chatha, ku Microsoft kunatsala Word ndi Excel basi. Mailchimp timatumizira kalata ya mwezi. SendGrid sindikuidziwa, mwina ndi za mnyamata uja. Ndipo ndaiwala kunena, anachokanso ndi kiyi wa kabati.

Mai a Tadala

Za kabati zisiyeni kaye. Ya Microsoft chotsani, bola mutsimikize kuti palibe sikana kapena pulinta imene ikutumizabe kudzera kumeneko. `ptr` chotsani osaganiza kawiri, RFC yomweyo imati isamagwiritsidwe ntchito. `mx` nayo ilibe ntchito kwa inu, chifukwa ikuloza maseva a Google olandira imelo, pomwe otumiza ali kale mu `include` ya Google.

Ya Mailchimp ndi imene anthu ambiri amaisunga pachabe. SPF siyang'ana adiresi imene munthu amaona pa From, imayang'ana ya pa `Return-Path`. Tsegulani kalata ya mwezi watha pa Show original. Mukaona kuti `smtp.mailfrom` ndi domeni ya Mailchimp, ndiye kuti rekodi yanu sifunsidwa n'komwe pa makalata amenewo, ndipo `include` yo ikungodya malo. Chimene chimakuthandizani kumeneko ndi DKIM, siginecha ya domeni yanu imene imaikidwa pa imelo, onetsetsani kuti ma CNAME amene anakupatsani alipo. SendGrid nayo, ikakonzedwa mwa njira yake ya masiku ano, imagwiritsa ntchito kadomeni kakang'ono koyamba ndi `em` ndi manambala, kokhala ndi SPF yakeyake. Yang'anani mu DNS ngati kalipo.

Ngati webusaiti imatumiza imelo kuchoka pa seva yake ndipo adiresi yake ndi yokhazikika, mungatsale ndi izi, adiresiyo muike yanu:

```
v=spf1 include:_spf.google.com include:mail.example.com ip4:203.0.113.25 ~all
```

Chimwemwe wa Maseva

Apo pa webusaiti ndikukayika pang'ono amayi. Makampani ambiri osunga mawebusaiti satulutsa imelo pa adiresi ya webusaitiyo, amaidutsitsa pa maseva ena osefa sipamu, n'chifukwa chake `include` yawo ili ndi atatu m'kati. Akaichotsa, fomu ya pa webusaiti ikhoza kufa. Adzitumizire uthenga kuchokera pa fomuyo aone adiresi imene yatulukira. Ngakhale ataisunga, ndi mafunso anayi, kuphatikiza ya Google ndi ya invoisi akadali pansi pa 10. Ine ndikanakonda mainvoisi apite pa kadomeni kawo, monga `billing.example.org`, ngati pulogalamuyo imalola kusintha `Return-Path`. Kadomeni kalikonse kali ndi rekodi yake ndi mafunso ake 10, ndipo DMARC, imene imayerekeza domeni ya pa From ndi imene yadutsa SPF kapena DKIM, imavomereza ngati simunaiike pa `aspf=s`.

Madala a Netiweki

Zonsezo koma `~all` mwaisiya. Mbava zizitumiza maimelo m'dzina lanu inu mukumwetulira.

Mai a Tadala

Lero sakudziwa n'komwe ngati SendGrid ikutumiza kapena ayi, ndiye aike `-all` kuti maimelo enieni azikanidwa pakhomo? Ayambe aika DMARC ya `p=none` yokhala ndi `rua`, adiresi yolandirira malipoti, kuti malipotiwo amuonetse amene akutumiza, `-all` tidzakambirana pambuyo.

Madala a Netiweki

Malipoti a XML awerenge ndani? Wa maakaunti yemweyo?

Nachisale wa ku Zomba

Ine ndikungodikira nkhani ya kiyi wa kabati.

Membala wobisa dzina

Zikomo nonse. Ndachotsa `ptr`, `mx` ndi ya Microsoft, invoisi yoyesera yalemba `spf=pass` koma yagwerabe mu sipamu. Pa mzere womwewo mawu akuti `dkim` sindikuwaona. Kadomeni ka `em` kaja kalibemo mu DNS, ndiye SendGrid ndichotse kapena ndisiye? Bwana akuti mwina ndi ya pulogalamu ya malipiro a ogwira ntchito, ndipo mwezi ukutha Lachisanu.