Ndithandizeni mawu a Chichewa a m'hotela

Anzanga omasulira, ndikumasulira kabuku ka alendo a m'hotela ndipo mawu atatu andiimitsa mutu.

Pa pepala losungitsira chipinda pamalembedwa zilembo HB ndi FB. HB, kutanthauza "half board", ndi chipinda pamodzi ndi kadzutsa komanso chakudya china chimodzi, kawirikawiri chamadzulo. FB, kutanthauza "full board", ndi chipinda ndi zakudya zonse zitatu, koma zakumwa nthawi zambiri mlendo amalipira payekha. Poyamba HB ndinailemba kuti "theka la chakudya". Mnzanga atawerenga anafunsa ngati mlendo azipatsidwa mbale yosadzaza! Ndinasintha n'kulemba "malo ogona ndi chakudya kawiri", FB n'kukhala "malo ogona ndi chakudya katatu". Koma "kawiri" sakunena kuti chosowacho ndi nkhomaliro, ndipo pamenepa ndi pomwe mlendo angakangane ndi wolandira alendo. Kodi ndiwonjezere "m'mawa ndi madzulo" paliponse, ngakhale pa risiti pomwe malo ndi ochepa?

Liwu lachitatu ndi "late check-out", lonena za mlendo amene wapempha kutuluka m'chipinda nthawi yoikika itadutsa, mwina 2 koloko masana m'malo mwa 11 koloko m'mawa, nthawi zina polipira ndalama yowonjezera. "Kutuluka mochedwa" kukumveka ngati mlandu, pomwe hotela yavomereza. Ndikuganiza za "kuwonjezera nthawi yotulukira". Inu mumalemba bwanji? Ndikufuna mawu amodzi oti ndiwagwiritse ntchito m'kabuku monse.