Kasitomala akubweza nsapato: 8 ikuthina, 10 ikuvuka kuchidendene

Mayi a Tadala, Limbe
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi kasitomala, bambo wogwira ntchito ya ulonda, akufuna nsapato yakuda yachikopa yomanga zingwe. Anatenga UK 8, anabweza kuti ikuthina. Ndinawapatsa 9, akuti ikuwapwetekabe pa kachala kakang'ono. Ayesa 10, ululu wachepa koma chidendene chikuvuka akamayenda. M'belo lino mulibe 9 ndi hafu. Ndikawafunire kwa anzanga, kapena vuto lili pena?

Jombo wa ku Mchesi
Mayi, musavutike kuyendayenda. Apatseni 10 yomweyo, muike thonje kutsogolo kapena insolo yokhuthala. Munthu woimirira usiku wonse mapazi amatupa, yokulirapo ndiye yabwino.

Madala Osoka
Achimwene a ku Mchesi, zoti mapazi amatupa mwanena zoona, koma thonje silithetsa nkhaniyi. Munthu amene wadumpha masaizi awiri ululu uli pamalo amodzimodzi, pambali, ameneyo m'litali mulibe mlandu. Nsapato yaifupi imapweteka kunsonga: chala chachikulu chimagunda kutsogolo, chikhadabo chimada, zala zimapindikira pansi. Yothina m'lifupi imapweteka m'mbali, pa mfundo ya chala chachikulu kapena pa kachala kakang'ono, nthawi zina ndi dzanzi pakati pa zala.

Pa masaizi a UK, kuchoka pa 8 kufika pa 9 nsapato imatalika ndi mamilimita 8 ndi theka. Kuzungulira pamene phazi latambalala imangowonjezera mamilimita 6 kapena chapompo, ndiye kuti kuchokera mbali ina kufika ina ndi mamilimita awiri kapena atatu basi. Mukawapatsa 10 mwawatalikitsira nsapato ndi mamilimita 17 pofuna kugula malo ochepa m'mbali. Choipa chake, pamene nsapato imapindika paja pasunthira kutsogolo ndi kuposa sentimita. Phazi likupinda apa, nsapato ikupinda apo, ndiye chidendene chimavuka, ndipo khwinya la chikopa limadzakanda pamwamba pa zala.

Mayi a Tadala, bambowo akabwera chitani izi. Abwere madzulo, atavala masokosi omwe amavala kuntchito. Aimirire papepala, asakhale pansi, chifukwa phazi limatambalala munthu akaima. Jambulani mapazi onse awiri, pensulo ili chilili, musaipendeketse kulowa pansi pa phazi. Yezani kuchokera kuchidendene kufika pa chala chachitali. Kenako tengani tepi ya atelala muizungulitse phazi kudutsa pa mfundo ya chala chachikulu ndi ya kachala kakang'ono, osakoka kwambiri. Mukatero zulani insolo ya 8 ija, aiponde, chidendene chifanane ndi kumbuyo kwake, mutiuze zomwe mwaona.

Jombo wa ku Mchesi
Ya insoloyo ndimaidziwa. Phazi likangotuluka kunja kwa insolo ndiye kuti nsapato yachepa, basi.

Madala Osoka
Ayi, osati likangotuluka. Insolo amaidula yocheperako kuposa malo a m'kati, chifukwa chikopa cha m'mbali chimafufuma pamwamba pake. Phazi labwinobwino limatulukako mamilimita awiri, atatu, anayi mbali iliyonse. Mukamakana nsapato iliyonse yotero simugulitsa kanthu. Chodetsa nkhawa ndi pamene kachala kakang'ono kali kunja theka lake kapena konse, pamene kutsogolo kwatsala malo okwana chala chachikulu cha kumanja.

Sisi Nabanda
Pepani kulowerera. Ndiye mwana wanga wa sitandade 5 ndimugulire yaikulu eti? Nsapato zake za kusukulu zimamuvuka nthawi zonse, mpaka ndinamugulira yocheperako ndi saizi imodzi, pano akuti zala zikupweteka.

Mphunzitsi wa Zachikopa
Sisi, yanuyo ndi nkhani yomweyi koma yotembenuka. Mwana wanu akuoneka kuti ali ndi phazi lowonda. Saizi yake yeniyeni imamukhwepa chifukwa m'kati muli malo ambiri, inu n'kufupikitsa nsapato kuti igwire, ndiye zala zikulipira. Mangani zingwe za nsapato yoyamba ija muone. Ngati mbali ziwiri za mabowo a zingwe zikugundana kapena kukwerana, phazi likusewerabe, ndipo chikopa cha pamwamba pa zala mukutha kuchitsina n'kuchinyamula, nsapatoyo yakula m'lifupi, osati m'litali. Bwererani ku saizi yake, musiye mamilimita 12 mpaka 15 kutsogolo poti akukula. Muike insolo yachiwiri yopyapyala pansi pa yoyamba, kenako mumate kachidutswa ka siponji kapena chikopa chofewa kunsi kwa lilime la nsapato. Kachidutswako kamakankhira phazi kumbuyo kuti chidendene chikhazikike. Zongolowetsa phazi zopanda zingwe musamugulire, pa phazi lowonda mulibe chomangira.

Mayi a Tadala, Limbe
Madala, bambo aja abwera. Phazi lamanja m'litali 262, lamanzere 259. Kuzungulira, lamanja 255, lamanzere 252. Insolo ya 8 ndi 277, ndipo ataiponda kutsogolo kwatsala malo ambiri ndithu, koma kachala kakang'ono kali panja pafupifupi konse. Atavala n'kumanga, mabowo a zingwe atalikirana kwambiri, lilime lonse likuonekera, ndipo chikopa chafufuma mpaka kuphimba m'mphepete mwa soli. Chondidabwitsa n'chakuti m'kati mwalembedwa 8 E. Ine ndimadziwa kuti E ndi yotambalala, n'chifukwa chake ndinawasankhira imeneyo.

Madala Osoka
Ndiye zaoneka. 277 kuchotsa 262 kwatsala 15, kutanthauza kuti 8 ndi saizi yawo ndithu, ngakhale malo otupira alipo. Timayendera phazi lalikulu, lamanjalo. Mapazi a amuna otalika choncho ambiri amazungulira 240 mpaka 248, ndiye 255 ndi phazi lotambalala, koma osati lodabwitsa.

Za E zo, m'pamene kaunjika amatipusitsa, poti belo limodzi limasakaniza nsapato za mayiko osiyana. Pa nsapato za amuna za ku Britain, F ndiye ya pakatikati, G yotambalala, H yotambalala kwambiri, ndipo E ndi yopapatiza. Pa za amuna za ku America, ya pakatikati ndi D, yopapatiza B, zotambalala ndi E, 2E kapena EE, mpaka 4E. Inu munawerenga chilembo cha ku Britain ndi maso a ku America. Bambo wa phazi lotambalala munawapatsa yopapatiza. Za amayi nazo zili ndi msampha wake: D ya ku Britain ndi ya pakatikati, D ya ku America ndi yotambalala, poti kumeneko ya pakatikati ya amayi ndi B. Musanakhulupirire chilembo yambani mwaona kuti nsapatoyo ndi ya dziko liti.

Chilembo chimodzi chimawonjezera pafupifupi mamilimita 6 kuzungulira, ofanana ndi amene mumapeza pokweza saizi yathunthu, koma popanda kutalikitsa. Afunireni UK 8 G kapena H. Ikakhala ya ku America, 8 ndi hafu kapena 9 yolembedwa 2E. Makampani sapanga zofanana, ndiye chilembo chingokuthandizani kusankha pamulu, chigamulo chikhale cha phazi.

Jombo wa ku Mchesi
Madala, G ndi H mu kaunjika mumazipeza kangati? Zambiri sizilembedwa n'komwe. Ife tikufuna kugulitsa lero, kasitomala sadikira belo la mwezi wamawa. Bwanji angoitanula 8 yomweyo?

Madala Osoka
Zosalembedwa muziyeza nokha. Dulani pepala lija motsata phazi lawo, muziliika pa insolo ya nsapato iliyonse pamulu, mudzaona msanga yomwe ili pafupi. Yang'ananinso mapangidwe. Ya mphuno yozungulira imapatsa zala malo kuposa yosongoka, ngakhale saizi ndi chilembo zili zofanana. Ndipo ija imene mbali za zingwe anazisokera pamwamba, zotseguka kumunsi, imalola phazi lalikulu kuposa ija imene mbalizo zalowa pansi pa chikopa cha kutsogolo.

Kutanula kumatheka, koma kuli ndi malire. Chikopa chenicheni, mukachinyowetsa pang'ono m'kati ndi mankhwala otanulira n'kuikamo chotanulira cha mtengo, mumapotokola pang'onopang'ono, kusiya usiku, kuyesa, kubwerezanso. Mupezapo chilembo chimodzi, mamilimita 5 kapena 6 kuzungulira. Kuchoka pa E kufika pa G ndi zilembo ziwiri, pa H zitatu. Mukakakamiza, ulusi umaduka kapena guluu amasiya pamene chikopa chakumana ndi soli, ndipo soliyo satanuka, ndiye munthu amakhala akuponda m'mphepete mwake. Ikanakhala 8 F ndikanati yesani. Ya E iyi isiyeni idikire mwini phazi lowonda. Za pulasitiki zonyezimira zija sizitanuka, zimangosweka, ndipo jombo ya chitsulo kutsogolo musaiyese n'komwe.

Mphunzitsi wa Zachikopa
Ndikugwirizana ndi Madala, koma pali chimodzi chimene sindinakhutire nacho. Mayi anena kuti lilime lonse likuonekera. Zimenezo zimachitikanso ndi phazi lokwera pamwamba, osati lotambalala lokha. Tepi yozungulira imaphatikiza kutambalala ndi kukhuthala, siisiyanitsa. Mapazi awiri angapereke 255 yomweyo, lina lophwatalala, lina lonenepa kupita m'mwamba. Lachiwirilo mukalipatsa H limasewera m'mbali koma zingwe zikulumabe pamwamba. Mayi, papepala paja yezani kuchokera mfundo ina kufika ina, komanso muone ngati zingwe zasiya mizere yofiira pamwamba pa phazi.

Madala Osoka
Aphunzitsi, phazi lokwera pamwamba siliika kachala kunja kwa insolo. Apa kutambalala kulipo basi.

Mphunzitsi wa Zachikopa
Kulipo, sindikukana. Ndikuti zikhoza kukhala zonse ziwiri, ndipo zikatero G ya zingwe zotseguka iwakwana bwino kuposa H yotsekeka. Chinanso, Mayi, muwafunse ngati ali ndi shuga. Odwala shuga ena samva kuthina mpaka chilonda chitatuluka, ndiye kwa iwo mawu oti ifewa mukamavala sitinena n'komwe.

Mayi a Tadala, Limbe
Papepala, mfundo mpaka mfundo ndi 107. Mizere ya zingwe ilipo koma siyozama. Shuga akuti alibe. Kwa mnzanga wa benchi la pafupi ndapeza 8 G ya mphuno yozungulira, ya zingwe zotseguka. Ayenda nayo uku ndi uku, chidendene sichikuvuka, yapindika pamfundo penipeni, kungoti phazi lamanja akuti ikukhudzabe pang'ono pa kachala.

Madala Osoka
Imeneyo ndiye yotanula. Musatanule yonse, yamanja yokha, pamalo pomwepo. Avale, mulembe ndi choko pamene kachala kafika, muike kachotupa pa chotanulira molunjika chokocho, musiye usiku umodzi. Yamanzere musaikhudze.

Jombo wa ku Mchesi
Nanga 10 ija mwaikanji mtengo, Mayi? Ndili ndi munthu kuno wa 10 yeniyeni.