Ndime yoyamba ya disateshoni ikumveka ngati msonkhano wa pa Njamba: ndichonge bwanji?

Anaphiri: Aphunzitsi anzanga, ndithandizeniko nzeru. Mtsikana amene ndikumuyang'anira akulemba za mabanja omwe anabwerera kukakhala m'mphepete mwa phiri la Soche, cha ku Chilobwe, pambuyo pa namondwe wa Freddy wa mu Malichi 2023. Ntchito yakumudzi anaigwira bwino, koma ndime yake yoyamba, ndikaiika m'Chichewa, ikuti:

"Ndani sanagwetse misozi ataona amayi akufukula matope ndi manja kufunafuna ana awo? Ngakhale pulofesa wina wotchuka ananena pawailesi kuti umphawi ndiwo unapha anthuwa. Mwa anthu 40 omwe ndinacheza nawo, 32 anati anabwerera chifukwa chosowa ndalama ya lendi kwina. Choncho anthu 80 mwa 100 alionse okhala m'malo oopsa mu Blantyre amakhalamo chifukwa cha umphawi."

Ndinalemba m'mphepete kuti izi zikumveka ngati kampeni. Wandiyankha mwaulemu kuti palibe bodza lomwe walemba, ndipo akufunsa cholakwika chenicheni. Sindikufuna kumuyankha kuti "sitilemba choncho" basi. Ndimuuze chiyani, chiganizo ndi chiganizo?

Achisale: Mayi, nkhaniyi ndi yachidule. Aristotle anatchula njira zitatu zokopera anthu: etosi, kutanthauza khalidwe ndi kudalirika kwa woyankhula; patosi, kukhudza mtima wa womvera; ndi logosi, mfundo ndi umboni. Wandale amadalira ziwiri zoyambazo, wakafukufuku amatsala ndi logosi yokha. Dulani chiganizo choyamba ndi chachiwiri, musiye manambalawo.

Ambewe: Achimwene a Chisale, mukatero mwadula ziganizo zofooka n'kusiya chowopsa kuposa zonse. Chiganizo chomaliza ndicho chingamugwetse pamaso pa woyesa wochokera kunja, chifukwa chavala malaya a masamu pomwe mkati mulibe kanthu.

Anaphiri, mufunseni mafunso atatu. Loyamba, anthu 40 aja anawapeza bwanji? Ngati anamusonyeza ndi amfumu kapena wina wa komiti, ndiye kuti anacheza ndi omwe munthuyo amawadziwa. Lachiwiri, anawafunsa motani? "Kodi munabwerera chifukwa chosowa ndalama?" ndi funso lomwe labwera ndi yankho lake m'manja, ndipo mlendo wonyamula kope akafunsa choncho, anthu ambiri amaganiza za thandizo n'kuvomera. "N'chiyani chinakubwezani kuno?" ndi funso lina ndithu. Lachitatu, anacheza ndi wina aliyense amene sanabwerere? Ngati amene anasamukiratu alinso osauka mofanana, umphawi pawokha sukufotokoza chifukwa chomwe ena anabwerera ena ayi.

Tsono 32 mwa 40 ndi 80 mwa 100, masamuwo ngolondola, koma ndi a anthu 40 omwewo. Mawu akuti "choncho" adumpha kuchoka pa mabanja obwerera ku Chilobwe kufika pa aliyense wokhala m'mphepete mwa Mudi, ku Ndirande ndi ku Bangwe, komwe sanapondeko phazi. Kalembera wa 2018 anapeza anthu pafupifupi 800,000 mumzinda uno, ndipo anthu 40 osankhidwa ndi munthu mmodzi sangawayankhulire. Stephen Toulmin, m'buku lake la 1958, anati pakati pa umboni ndi chomwe ukunena payenera kukhala mfundo yolumikiza ziwirizo. Muuzeni ayesere kulemba mfundoyo poyera. Idzatuluka motere: anthu anga 40 ndi ofanana ndi onse okhala m'malo oopsa mumzinda muno. Akaiona yolembedwa, adzaikana yekha.

Anaphiri: Ndayang'ana chaputala chachitatu. Onse 40 anawapeza kudzera mwa mayi mmodzi wa komiti ya m'deralo, ndipo onse ndi obwerera. Funso linali lotseguka, pamenepo anachita bwino. Otsala 8 aja sanawatchule paliponse.

Ambewe: Awatchule. Ngati ena anati puloti ndi yawoyawo, ena geni yawo ili pafupi, ena ana ali pasukulu ya pompo, zimenezo zilowe m'tebulo. Apa ndi pomwe ndikusiyana ndi a Chisale pa nkhani ya etosi. Wakafukufuku nayenso amafuna kukhulupiriridwa, koma chikhulupirirocho amachipeza poonetsa mmene anagwirira ntchito: anasankha bwanji anthu, anafunsa chiyani, chilolezo cha komiti yoona za ufulu wa ofunsidwa chili pati, ndi zotani zomwe zikutsutsana ndi ganizo lake. Wowerenga akaona anthu 8 otsutsa aja atayalidwa poyera, amakhulupirira kwambiri za 32 enawo. Chiganizocho chikhoza kukhala chotere: "Mwa anthu 40 obwerera omwe anafunsidwa ku Chilobwe, 32 anatchula kusowa ndalama ya lendi ngati chifukwa chachikulu. Popeza onse anapezeka kudzera mwa munthu mmodzi, chiwerengerochi sichikuimira mzinda wonse."

Ajere: Pepani ndalowa mochedwa. Ngati vuto ndi pulofesayo, angolemba dzina lake, chaka ndi dzina la pulogalamu ya pawailesiyo motsatira ndondomeko ya dipatimenti, nkhani yatha. Ana ambiri amaluza malikisi pa zimenezi.

Ambewe: Kulemba gwero n'kofunika, bambo, koma sikuchiritsa ndimeyi. Gwero limangotiuza komwe mawu anachokera. Funso ndi lakuti pulofesayo ananena zimenezo atafufuza chiyani. Kodi ndi katswiri wa za malo okhala m'mizinda, kapena wa phunziro lina amene anangofunsidwa maganizo tsiku lamaliro? Ngati ali ndi kafukufuku wosindikizidwa, mtsikanayu akamupeze, anene komwe anachitikira, chaka, anthu angati, ndi zomwe anapeza. Pamenepo dzinalo lasanduka njira yofikira ku umboni, ndipo n'zololedwa. Koma mawu akuti "ngakhale" ndi "wotchuka" ntchito yawo ndi imodzi, kuopseza wowerenga kuti asatsutse.

Ndipo ngakhale dzina la magazini yaikulu silokwanira. Mu 1998 The Lancet inasindikiza pepala la Andrew Wakefield ndi anzake lomwe linachititsa anthu kuganiza kuti katemera woteteza chikuku ndi matenda ena awiri amagwirizana ndi vuto la kakulidwe ka ubongo lotchedwa otizimu. Linali la ana 12 okha. Ofufuza ena atayang'ana ana ochuluka sanapeze mgwirizano umenewo, ndipo magaziniyo inalichotsa mu 2010. Amene anangoona dzina la magazini anasokera, amene anawerenga chigawo cha njira anaona kuchepa kwake.

Anabanda: Ine ntchito yanga ndi yolembera anthu zokayankhula pamisonkhano, ndiye ndiloleni ndiikire kumbuyo mbali yathu, chifukwa mawu akuti "zikumveka ngati kampeni" amanenedwa ngati kampeni ndi bodza basi. Munthu akaima pa Njamba kupempha voti, omvera sakuyesa ngati mfundo yakuti ndi yoona. Akusankha munthu woti amupatse mphamvu kwa zaka 5 pa zinthu zomwe sizinachitike n'komwe. Khalidwe lake ndiye nkhaniyo. Akati "ndinabadwira konkuno, mjigo ndinalonjeza uja si uwo", akupereka umboni weniweni wa chomwe chikuweruzidwa. Kalata ya maepisikopi a Katolika ya mu Malichi 1992 inagwedeza dziko osati chifukwa zomwe inanena zinali zachilendo, anthu ankazidziwa, koma chifukwa cha amene anazinena ndi komwe zinawerengedwa. Chisoni nachonso chili ndi malo. Kuti anthu avomere kusamuka kuphiri, kapena aphungu avomereze ndalama zowasamutsira, tebulo palokha siliwadzutsa pampando. Chiganizo cha amayi ofukula matope chija ine ndikhoza kuchiika m'zoyankhula za tsiku lokumbukira popanda manyazi, chifukwa zinachitikadi ndipo chisonicho n'chofanana ndi kukula kwa tsokalo.

Chomwe ndimakana ngakhale kwathu kuno ndi mantha opeka, kuloza mtundu wa anthu kapena chigawo ngati mdani, ndi nambala yabodza. Ya 80 mwa 100 ija sindingailembere ngakhale wandale.

Achisale: Ndamva za etosi, ndavomera. Koma pa chisoni sindisuntha. M'disateshoni mulibe malo a misozi.

Ambewe: Misozi ya wolemba, inde ichoke. Funso lakuti "ndani sanagwetse misozi" silifuna yankho, likufuna wowerenga achite manyazi akakayikira zomwe zikubwera. Koma mawu a ofunsidwa ndi nkhani ina. Mayi akanena kuti amagona atavala nsapato mvula ikayamba, amenewo ndi umboni wa mmene anthu akukhalira ndi mantha, ndipo alowe m'chaputala cha zopezeka, dzina litabisidwa. Malire ake ndi awa: anene kuti ndi angati ananena zofanana, ndipo asasankhe mawu owawa kwambiri okhaokha. Ngati mmodzi yekha mwa 40 ananena zotere, alembe kuti ndi mmodzi. Ndimayesa motere, Anaphiri: phimbani chiganizocho ndi chala muwerenge ndimeyo. Ngati mfundo yatsala chilili, chinali chokometsera. Ngati mfundo yagwa, onani ngati chomwe mwaphimbacho wowerenga angathe kuchitsimikiza payekha. Akalephera, mfundoyo inatsamira pa mtima wake.

Ajere: Nanga miyambi? Ana anga amakonda kutsegula chaputala ndi mwambi, ndipo ine ndimawalola.

Anabanda: Pamsonkhano mwambi umagwira ntchito ya ndime zitatu, chifukwa umabwereka ulemu wa makolo. Koma taonani, wina akati mawu a akuluakulu akoma akagonera, mnzake amayankha kuti tsobola wakale sawawa, ndipo onse awiri amaomberedwa m'manja. Chinthu chomwe chingaikire umboni mbali zonse ziwiri sichingathetse mtsutso wa m'kafukufuku. Pamutu pa chaputala ngati chokongoletsa, kapena ngati ofunsidwawo ndiwo anaunena, palibe vuto. Pambuyo pa "choncho" ayi.

Anaphiri: Zikomo nonse. Pali china chomwe sindinanene. Mtsikanayu kwawo ndi ku Chilobwe komweko, ndipo nyumba yawo inakhudzidwa. Akufuna kuzilemba m'mawu oyamba. Ndimulole?

Achisale: Ayi. Woyesa adzati wakondera, ndipo adzawerenga peji iliyonse ndi diso limenelo.

Ambewe: Ine ndikuti alembe, koma m'chaputala cha njira, ziganizo zitatu kapena zinayi: ndi wa m'deralo, zinamuthandiza kuti anthu amasuke, ndipo mwina ena anamuuza zomwe ankaganiza kuti akufuna kumva, ndiye anachitapo zakutizakuti. Akazibisa n'kudzatulukira pa tsiku loteteza pepala, chikhulupiriro chimagwa kwambiri. Chosaloledwa ndi kunena kuti ndinaliko, choncho musanditsutse.

Achisale: Zimenezo zimayenda m'madipatimenti a za chikhalidwe cha anthu. Kwathu ku uinjiniya, woyesa akaona mawu akuti "ine" amazunguliza ndi cholembera chofiira asanawerenge n'komwe.

Anaphiri: Wake ndi wa za chitukuko, ndiye ndiyamba ndafunsa mkulu wa dipatimenti mmene oyesa athu amazionera. Lolemba ndikumana naye mtsikanayu, tiyambira pa "choncho" uja ndi anthu 8 aja, ndipo ndimupempha aone ngati angapeze mabanja angapo omwe sanabwerere.