Chipinda cha mamita 4.2 ndi 3.8: mabodi angati, mathubaithu angati?

Wophunzira wa ku Chilinde: Akuluakulu, ndithandizeni masamu. Ndapatsidwa chipinda choti ndiike siling'i, mkati mwake ndi mamita 4.2 mulitali, 3.8 mulifupi. Mabodi ndi aja a mafiti 8 ndi 4. Eni nyumba akufuna chiwerengero lero. Ndiwauze mabodi angati, nanga mathubaithu a bulandaring'i, matabwa okhomapo mabodi aja, angati?

Wa ku Ndirande: Zosavuta izo mphwanga. 4.2 kuchulukitsa ndi 3.8 ndi pafupifupi 16. Bodi imodzi ndi 2.4 ndi 1.2, ikupereka 2.88. Gawa, upeza 5.5. Gula 6 basi.

Madala a ku Mchesi: Masamu ali bwino achimwene, koma bodi simadzi oti mungothira n'kudzaza paliponse. Jambulani chipindacho papepala. Mukagoneka mabodi motsata mbali ya 4.2, mizere itatu idya mabodi 6 n'kufika mamita 3.6. Kukhoma kutsala kampata ka masentimita 20, ndipo kotsekera kake ndi tizidutswa tinayi tochokera pa zotsala. Zimatheka, koma aliyense wolowa m'chipindamo maso ake adzayamba kugwera pazigambapo.

Atembenuzeni atsate mbali ya 3.8. Mzere uliwonse utenga bodi yathunthu ndi ina yodula pa 1.4. Mizere itatu ndi mabodi 6, mwafika 3.6 pa 4.2 paja. Mpata wotsala ndi masentimita 60, theka lenileni la bodi, ndiye yachisanu ndi chiwiri muing'ambe pakati mulitali, itseka mzere wonsewo. Ine ndingalembe 7.

Wa ku Ndirande: Komatu madala, bodi imodziyo ndi ndalama. Makasitomala ena amawerenga ndi zotsala zomwe.

Madala a ku Mchesi: Awonetseni zojambula ziwirizo asankhe okha. Koma pa 6 palibe yopulumukira, ikangothyoka ngodya imodzi potsitsa m'galimoto mwagwa nayo.

Mayi wa ku Luwinga: Ine ndinaika mabodi a jipisamu kwa kasitomala, matabwa ndinatalikitsa masentimita 60, pano pakati pakuoneka mimba. Musapitirire 40.

Wophunzira wa ku Chilinde: Anga si a jipisamu mayi, ndi olimba aja a simenti. Nanga matabwa, madala?

Madala a ku Mchesi: Amayiwa akunena zoona pa jipisamu yopyapyala. Ako mwana wanga tiwerengere pa 60 mbali zonse, chifukwa 60 imalowa ndendende mu 1.2 ndi mu 2.4, ndiye polumikizana mabodi pamagwera pathabwa.

Pa 4.2 pakukwana mipata 7, kutanthauza mizere 8 kuphatikiza iwiri ya kukhoma. Anthu amaiwala kuwonjezera umodziwo. Pa 3.8 uyeze 60 kanayi mpaka 2.4, ndipo 1.4 yotsalayo uigawe patatu, pafupifupi 47, kuti pasakhale kampata kakang'ono kukhoma. Nayonso ndi mizere 8. Tsono 8 ya mamita 3.8 ndi 30.4, ndipo 8 ya mamita 4.2 ndi 33.6. Zonse pamodzi 64. Thubaithu ya mafiti 18 ndi pafupifupi mamita 5.5, ndiye matabwa 12. Zodula pa matabwa aatali usataye, ndi zomwe zimakhala tizidutswa topingasa pakati.

Wa ku Ndirande: Mwaiwala zopachikira. Sindikuonapo mahang'ala pamenepa.

Madala a ku Mchesi: Ndimafuna ayambe watiuza za denga. Mathirasi atalikirana bwanji, ndipo siling'i itsika bwanji kuchokera pa thabwa lapansi la thirasi?

Wophunzira wa ku Chilinde: Mkati muli mathirasi atatu, otalikirana cha m'ma 1.2, adutsa motsata mbali ya 3.8. Kuchoka pathirasi kufika pamzere womwe ndajambula ndi levulo pali masentimita 30.

Madala a ku Mchesi: Ndiye matabwa osadula adutse mopingasa mathirasi, motsata 4.2. Apakati alipo 6, lililonse lipachikidwe pa thirasi iliyonse, mahang'ala 18. Udule a masentimita 40 kuti upeze pokhoma, akudya mamita 7.2. Lemba matabwa 14. Hang'ala uikhome m'mbali mwa thabwa, msomali upingase. Ukakhoma kuchokera pansi kulowa kumutu kwa hang'ala, kulemera kumausolola pang'onopang'ono ndipo siling'i imatsika pakati. Kokanso chingwe khoma ndi khoma usanakhome iliyonse.

Mayi wa ku Luwinga: Popita kogula tenga tepi. Ena amati mafiti 18 koma ukayeza 16, kumapeto kong'ambika. Paini wamuwisi umusiye, amapindika akauma n'kung'amba bodi pamisomali. Ineyo ndingagule 15.

Wa ku Ndirande: 14 ikwana ngati asankha yekha thabwa limodzilimodzi. Za chiswe apake oyilo wakuda, ngwotchipa.

Mayi wa ku Luwinga: Oyilo ayi achimwene, kukatentha amatulukira pabodi, penti yoyera n'kuchita mawanga. Agule mankhwala enieni opaka matabwa.

Wophunzira wa ku Chilinde: Ndalemba mabodi 7, matabwa 14, konisi mamita 16. Tsopano akuti akufunanso chibowo cholowera kudenga pakona. Chimenechi chidya thabwa lina?