Mawu anga sakukwana mu vidiyo yophunzitsa, ndithandizeni

Akuluakulu, ndili ndi vidiyo ya mphindi 2 ndi masekondi 40 yosonyeza mmene munthu angakonzere chithunzi mu pulogalamu ya pakompyuta ya GIMP. Inajambulidwa kalekale popanda mawu, ndipo mwini wake wakana kuti ndiidule kapena kuichedwetsa. Ntchito yanga ndi kulemba mawu ofotokozera mu Chichewa ndi kuwajambula.

Ndinadziyesa ndi wotchi: ndikamawerenga modekha ndimatchula masilabulo pafupifupi 4 pa sekondi. Kuwerengetsa mawu sikunandithandize, poti liwu limodzi ngati "mukachitsegula" lili ndi masilabulo 6.

Pandivuta ndi pa 0:42 mpaka 0:47. M'masekondi 5 amenewa kalozera amapita pa Image, kenako Scale Image, bokosi n'kutseguka. Ndinalemba kuti: "Tsopano pitani pamwamba pomwe palembedwa Image, ndipo musankhe Scale Image kuti muchepetse chithunzi." Masilabulo akupitirira 30, pamene malo ndi a 20 okha, osawerengera popumira. Ndikamamaliza, bokosi limakhala litatsekedwa kale. Nditafupikitsa kuti "Dinani Image, kenako Scale Image" zinakwana, koma chifukwa chake chinasowa, ndipo anthu anga ndi oyamba kumene.

Ndinayesa kufulumizitsa mawu anga ndi 15% pogwiritsa ntchito Change Tempo mu pulogalamu yokonzera mawu ya Audacity, koma mawu akumveka ngati ndikuthamangitsidwa.

Chonsecho, kuyambira 0:33 pali masekondi 9 pomwe chithunzi changokhala pa sikirini. Kodi ndisamutsire chifukwacho pamenepo, owonera asanaone chimene ndikunena, kapena ziwasokoneza? Nanga inu mumayamba kulankhula kalozera asanadine kapena akangodina?