Gemu yaimitsidwa pa mphindi 63, kasitomala akufuna zonse

Esnart: Akuluakulu thandizeni, ndili pa kaunta ya shopu yobetchera mpira kuno ku Matero, ku Lusaka. Kasitomala anaika K20 pa tikiti imodzi ya magemu anayi, manambala ochulukitsira ndalama ali 1.80, 2.10, 1.50 ndi 2.00. Atatu alowa. Yachinayi, ya 2.00 ija, anasankha timu ya pakhomo kuti ipambana, koma mvula yaimitsa mpira pa mphindi 63 timuyo ikutsogola 2-0. Makina akupereka K113.40, iye akufuna K226.80. Wakhala pabenchi, akuti sachoka.

Chisomo: Gemu ikapanda kutha zonse zimakhala Void, kutanthauza kuti beti yafa, mubwezereni K20 yake basi.

A Tembo: Ayi a Chisomo, kubweza ndalama yonse n'kwa tikiti ya gemu imodzi. Pa tikiti ya magemu ambiri, imene yafayo imasanduka 1.00, enawo amachulukitsidwa monga mwa masiku onse. 1.80 × 2.10 × 1.50 ndi 5.67, kuchulukitsa ndi K20 ndi K113.40, msonkho usanachotsedwe. Makina sanalakwe.

Esnart: Chomwe chamukwiyitsa n'chakuti mnzake anaika Over 1.5, yoti zigoli zikwana ziwiri kapena kuposa, pa gemu yomweyo ndipo wadya.

A Tembo: Mufunseni funso limodzi: mphindi 27 zotsalazo zikanaseweredwa, kodi zotsatira za beti yake zikanasintha? Over 1.5 inatha kale chigoli chachiwiri chitalowa, chigoli sichituluka muukonde. Za theka loyamba nazonso zimalipidwa, popeza linatha. Koma 1X2, yolosera wopambana kapena kufanana mphamvu, ayi, alendo akanatha kubweza ziwirizo. Pamene makashiya ambiri amaphonya ndi pa Under 2.5, yoti zigoli sizifika zitatu. Amaona 2-0 n'kuganiza kuti yadya, chonsecho chigoli chachitatu chikanabwera. Imeneyonso ndi Void. Koma Under 1.5 yaluza kale, musabweze.

Amayi Daka: Musanalipire, Esnart, yang'anani kaye malamulo a kampani yanu pa nthawi yodikira. Ena amasunga beti ngati gemu ipitirizidwa pasanathe maola 24, ena 48. Ikayambiranso mawa pa mphindi 63 pomwepo, tikitiyo ingakhale idakali yamoyo. Gemu yosunthidwa isanayambe ndi yosavuta, palibe chimene chinatsimikizika, nthawiyo ikadutsa zonse ndi 1.00. Onaninso bonasi: ngati imayambira pa magemu anayi, tsopano atsala atatu, yagwa.

Chisomo: Nanga FAZ, bungwe loyendetsa mpira ku Zambia, ikadzapereka 3-0 pa tebulo?

A Tembo: Makampani ambiri amawerengera za pabwalo zokha, za pa tebulo salabadira.

Bwalya: Ine wanga ndi wa jakipoti, gemu imodzi mwa 13 yasunthidwa. Ndiike 1.00?

Amayi Daka: Jakipoti ilibe 1.00, ili ndi malamulo akeake. Musakhudze, tumizani kulikulu.

A Tembo: Pa za kupitiriza gemu mawa sindikugwirizana nanu kwenikweni, amayi. Makina akatulutsa kale K113.40 ndiye kuti kulikulu atseka nkhaniyo.

Amayi Daka: Amatseka, nthawi zina n'kutsegulanso. Esnart, jambulani tikitiyo mbali zonse musanapereke ndalama.