Kodi khadi la RTX ndi loyenera kuligula chifukwa cha Ray Tracing?

Chikondi: Ndili ndi khadi la zithunzi la GTX 1660 m'kompyuta yanga ndipo ndikuganiza zogula RTX 3060 kuti ndizisewera Cyberpunk 2077 nditayatsa Ray Tracing, njira yojambulira kuwala ndi mithunzi potsatira mizere ya kuwala. Kodi kusiyana kwake kumaonekadi, kapena ndingowononga ndalama?

Bambo a Tadala: Ine ndinagula khadi lotero kwa munthu wina, logwiritsidwa kale ntchito, pa madola 300. Nditayatsa Ray Tracing, mafulemu, zithunzi zimene khadi limajambula pa sekondi, anatsika kuchoka pa 60 kufika cha m'ma 30, ndipo mafani ankalira ngati chigayo. Wogulitsayo sayankhanso foni. Anandibera poyera.

Mphatso: Bambo, kutsika kwa mafulemuko si umboni wakuti khadilo ndi lowonongeka. Sikirini ya 1080p ili ndi timadontho toposa 2 miliyoni, ndipo ngati kadontho kalikonse katumiza mzere umodzi wokha wa kuwala, pa mafulemu 60 khadi liyenera kutsatira mizere yoposa 124 miliyoni pa sekondi, n'kupeza chimene uliwonse wagunda pakati pa timakonatatu tambirimbiri timene timapanga zinthu za m'masewerawo. Mzerewo ukanjanja n'kukagundanso pena, ntchito imachuluka. N'chifukwa chake makadi a RTX, kuyambira 2018, ali ndi tizigawo tapadera ta ntchito imeneyi. A Chikondi, yesani izi: imani pafupi ndi chithaphwi usiku mu Night City, mzinda wa m'masewerawo, Ray Tracing ili yozimitsa, kenako weramitsani kamera. Chikwangwani chowala chikangochoka pa sikirini, chimazimiririkanso m'madzimo, chifukwa njira yakale imangokopera zimene zikuoneka kale. Mukayatsa, chimakhalabe.

Yamikani: Ine ndili ndi RTX 4090 ndipo ndimasewera pa Overdrive, Ray Tracing yapamwamba kwambiri ya masewerawa, popanda vuto lililonse. Amene sanaone kuwala kofiira kwa zikwangwani kukugwera pa khoma lonyowa sanasewerebe masewerawa.

Mphatso: Ngakhale inu, a Yamikani, ndikukhulupirira kuti DLSS mwayatsa, kutanthauza kuti khadi likujambula timadontho tochepa kenako n'kukulitsa chithunzicho.

Tiyamike: Madola 300 ndi ambiri, chifukwa RTX 4060 yatsopano inatuluka pa madola 299, ndipo imadya mawati 115 pamene 3060 imadya 170. Kwa ife odalira inivetala magetsi akazima, zimenezi n'zofunika kuposa zithaphwi. Kapenanso mungogula PlayStation 5, imene imachita zomwezo ndendende.

Mphatso: Imachitadi, koma osati ndendende. Cyberpunk 2077 ya pa PlayStation 5 wamba imagwiritsa ntchito njirayi pa mithunzi, pa mafulemu 30. Komanso 4060 ili ndi memori ya 8 GB, pamene 3060 yodziwika kwambiri ili ndi 12 GB, ndipo Ray Tracing imafuna malo owonjezera.

Bambo a Tadala: Mtengo wa ku Amereka umenewo sufika kuno usanakwere. Ine ndinazimitsa Ray Tracing, ndipo pothamangitsa galimoto sindiona kusiyana kulikonse.

Chikondi: Tsopano ndasokonezeka pakati pa 8 GB ndi 12 GB. Kodi alipo amene anayesa 3060 atayatsa DLSS pamodzi ndi Ray Tracing, andiuze mafulemu amene anapeza?